Pulogalamu yobweza chenji: zolemba za m'mene ntchito ikuyendera, Chipata

Lolemba

Cholinga cha ntchitoyi n'chachifupi kuchinena. Wogulitsa pa kantemba ku msika wa Kapata alemba chenji imene ayenera kubweza, ndipo pulogalamu imuuze ndalama zoti atulutse, zochepa m'chiwerengero ndi m'mene zingathekere. M'zolemba zonsezi, pepala limodzi kapena koyini imodzi tizitchula kuti chidutswa. K16 yoperekedwa ngati K10, K2, K2, K2 ndi zidutswa 4.

Ndalama zimene Banki Yaikulu ya Zambia inatulutsa mu Malichi 2025 zili mitundu 12: mapepala a K500, K200, K100, K50, K20 ndi K10, komanso makoyini a K5, K2, K1, 50 ngwee, 10 ngwee ndi 5 ngwee. Mitundu yonseyi ikakhalapo, njira imene aliyense amachita ndi mutu ndi yokwanira: tenga chidutswa chachikulu chimene chikukwana, chotsa, bwerezanso pa zotsalazo. Imeneyi tikuitcha njira yadyera, chifukwa imangolumphira chachikulu osayang'ana kutsogolo.

Koma m'dirowa ya kantemba mitundu yonse siikhalamo nthawi zonse. K1 ikatha n'kutsala K2, K5 ndi K10, njira yadyera pa K16 imatenga K10, kenako K5, n'kutsala ndi K1 imene kulibe, ndipo imanena kuti chenji sichingatheke. Chonsecho K10 ndi ma K2 atatu zikukwana bwino lomwe. Pena siikakamira koma imawononga: ngati mulibe K10 ndi K5, pa K60 imapereka K50 ndi ma K2 asanu, zidutswa 6, pamene ma K20 atatu akanatha nkhani. Choncho mitundu itatu ija, K2, K5 ndi K10, pamodzi ndi chenji cha K16, ndiyo tizigwiritsa ntchito poyesa chilichonse chimene tilembe.

Lachiwiri

Tayamba ndi njira yoyesa zonse, polemba fankishoni yodziitana yokha, chimene chimatchedwa rikeshoni. Ganizo lake ndi ili. Chenji chilichonse chili ndi chidutswa chomaliza kuikidwa m'manja mwa kasitomala. Pa K16, chomalizacho ndi K2, K5 kapena K10, palibenso china. Ngati ndi K2, ndiye kuti poyamba tinapanga K14. Ngati ndi K5, tinapanga K11. Ngati ndi K10, tinapanga K6. Yankho la K16 ndi laling'ono mwa mayankho atatuwo, kuwonjezapo chidutswa chimodzi.

```python
INF = float("inf")
ndalama = [2, 5, 10]

def zochepa(n):
    if n == 0:
        return 0
    yankho = INF
    for c in ndalama:
        if c <= n:
            yankho = min(yankho, 1 + zochepa(n - c))
    return yankho
```

`INF` ikuimira chenji chosatheka, monga K1 ndi K3 pa mitundu yathu itatuyi. Ambiri amakonda kubweza `-1` pamenepa, koma `-1` ndi nambala yeniyeni ndipo imalowa m'masamu. Pa K3, fankishoni ichotsa K2, ipeza `-1` pa K1, iwonjeza 1, n'kutuluka ndi 0, ngati kuti K3 imapangidwa popanda chidutswa chilichonse. Ndipo poti 0 ndi wochepa kuposa yankho lililonse loona, `min` amusankha, bodzalo n'kukwera mpaka ku mayankho onse a pamwamba. Chizindikiro chake ndi mayankho ang'onoang'ono modabwitsa. `INF` alibe vuto limeneli: kumuwonjeza 1 amakhalabe `INF`, ndipo `min` samusankha pokhapokha palibe china.

`zochepa(16)` ikubweza 4, zomwe ndi zoona.

Lachitatu

Lero taika kauntala mkati mwa fankishoni kuti tione kuti ikuitanidwa kangati. Pa K10 ikuitanidwa ka 14, pa K16 ka 63, pa K20 ka 164. Ziwerengerozi zikuoneka zazing'ono, koma kakulidwe kake ndi koopsa: chiwerengero chikuwirikiza kawiri pa makwacha pafupifupi atatu aliwonse owonjezera. Mukachitsatira mpaka pa K100 chimapitirira mabiliyoni 40. Palibe kasitomala amene angaimirire kudikira zimenezo, ndipo apa tikadali ndi mitundu itatu yokha, osawerengera ngwee.

Chofunika kuchimvetsa ndi kumene ntchito yonseyi ikupita. Pa K16 mafunso osiyana alipo 15 okha: K16 yeniyeniyo, kenako K14, K12, ndi onse kuyambira K11 kutsika mpaka 0. K15 ndi K13 safikiridwa n'komwe. Nanga 63 ikuchokera kuti? Ikuchokera ku kubwereza. Funso la K6 likufikiridwa katatu: pochotsa K10 kamodzi, pochotsa K5 kawiri, kapena pochotsa K2 kasanu. Funso la K4 likufikiridwa ka 6, la K2 ka 10, ndipo nthawi iliyonse fankishoni ikuyambiranso kuwerengera ngati sinalionepo. Zili ngati kutuma mwana kakhumi kukafunsa mtengo wa tomato pa benchi imodzimodziyo m'mawa umodzi.

Pali zinthu ziwiri apa zimene zikulola kuti tichepetse ntchito. Choyamba ndi kubwerezaku. Chachiwiri n'chakuti yankho labwino la chenji chachikulu limamangidwa pa mayankho abwino a chenji chaching'ono. Tikachotsa K2 imodzi pa yankho labwino la K16, zotsalazo ziyenera kukhala yankho labwino la K14. Chifukwa pakanakhala njira yachidule yopangira K14, tikanaitenga n'kubwezerapo K2 ija, K16 n'kutsika nayo. Vuto likakhala ndi zinthu ziwirizi, njira yake ndi dayinamiki pulogalamingi, dzina limene Richard Bellman anapereka m'zaka za m'ma 1950. Tanthauzo lake pa ntchito yathu ndi lakuti funso lililonse liyankhidwe kamodzi ndipo yankho lisungidwe.

Lachinayi

Kusunga mayankho mu Python n'kwa mizere iwiri: `from functools import lru_cache` pamwamba, ndi `@lru_cache(maxsize=None)` pa mutu pa fankishoni. Tsopano mkati mwa fankishoni mukulowedwa ka 15 pa K16, ndipo K100 ikutuluka nthawi yomweyo.

Njirayi ili ndi malire awiri amene taona kuti sitingawanyalanyaze. Oyamba: chosungiracho chimazindikira yankho ndi `n` yekha. Wogulitsa akanena kuti K1 yabweranso, mndandanda wa `ndalama` n'kusintha, mayankho akale amakhalabe, ndipo pulogalamu ipitiriza kunena kuti K3 ndi yosatheka kufikira wina ataitana `zochepa.cache_clear()`. Achiwiri ndi kuya kwa rikeshoni. Python amalola kuti mafankishoni aitanane motsatizana mpaka pafupifupi 1000 ngati simunasinthe. Tikawerengera mu ngwee, K50 ndi 5000, ndipo ngati 5 ngwee ili koyambirira kwa mndandanda, fankishoni itsika 5000, 4995, 4990 osabwerera, masitepe 1000, n'kugwa ndi `RecursionError`. Malirewo angakwezedwe ndi `sys.setrecursionlimit`, koma kumeneko ndi kungokankhira vuto kutsogolo. Taganiza zosiya rikeshoni n'kupita ku tebulo.

Poti tatchula ngwee: ndalama zonse m'pulogalamuyi zizikhala manambala athunthu. `int(4.35 * 100)` mu Python amabweza 434, osati 435, chifukwa kompyuta imasunga 4.35 mopereweza pang'ono. Ndipo 434 sagawika ndi 5, kotero tebulo linena kuti K4.35 ndi yosatheka pamene ili yotheka. Posandutsa tigwiritsa ntchito `round`, kamodzi kokha, pomwe wogulitsa walemba.

Lachisanu

Tebulo ndi mndandanda wa mabokosi, bokosi limodzi pa chenji chilichonse, losunga yankho lake. Tebulo limatembenuza kayendedwe. Rikeshoni imayamba pa K16 n'kumatsika kukafunsa. Tebulo limayamba pa 0 n'kumakwera, kotero pofika pa bokosi lililonse, mabokosi onse amene likuwafuna amakhala atadzazidwa kale.

```python
def tebulo(ndalama, n):
    dp = [0] + [INF] * n
    womaliza = [0] * (n + 1)
    for a in range(1, n + 1):
        for c in ndalama:
            if c <= a and dp[a - c] + 1 < dp[a]:
                dp[a] = dp[a - c] + 1
                womaliza[a] = c
    return dp, womaliza
```

Tisanayendetse kodiyi tinalidzaza ndi pensulo, ndipo aliyense amene akulowa mu ntchitoyi achite chimodzimodzi. Bokosi 0 lili ndi 0. Bokosi 1 palibe chidutswa chokwana, likhala losatheka. Bokosi 2 liyang'ana bokosi 0 n'kulemba 1. Bokosi 3 liyang'ana bokosi 1, lipeza losatheka, nalonso litero. Bokosi 5 lili ndi njira ziwiri: kudzera pa K2 lifika pa bokosi 3 losatheka, kudzera pa K5 lifika pa bokosi 0, choncho lilemba 1. Bokosi 6 ndi pamene njira yadyera imagwera: kudzera pa K5 lifika pa bokosi 1 losatheka, koma kudzera pa K2 lifika pa bokosi 4 lomwe lili ndi 2, n'kulemba 3. Zonse pamodzi zikuoneka chonchi, `x` akuimira chosatheka:

```
a :  0 1 2 3 4 5 6 7 8 9 10 11 12 13 14 15 16
dp:  0 x 1 x 2 1 3 2 4 3  1  4  2  5  3  2  4
```

Bokosi 16 liyang'ana mabokosi 14, 11 ndi 6, amene ali ndi 3, 4 ndi 3. Laling'ono ndi 3, kuwonjeza 1, yankho 4. Onani kuti manambala sakukwera mwadongosolo: K13 ikufuna zidutswa 5 pamene K15 ikufuna 2. N'chifukwa chake sitingaganizire yankho la bokosi poyang'ana loyandikana nalo.

Wogulitsa safuna kumva kuti "zinayi", akufuna kudziwa kuti zitizo. Ndiyo ntchito ya `womaliza`, amene amasunga chidutswa chimene chinapambana pa bokosi lililonse. Timayamba pa 16: `womaliza[16]` ndi 2, tipita pa 14, pamenepo 2, tipita pa 12, pamenepo 2, tipita pa 10, pamenepo 10, tafika pa 0. Chenji ndi K2, K2, K2, K10. Tisanayambe kubwerera m'mbuyo choncho tiyenera kuona kaye ngati `dp[n]` si `INF`, chifukwa pa bokosi losatheka `womaliza` ali ndi 0, ndipo lupu yochotsa 0 siitha.

Pali kachilema kamodzi kofunika kukalemba bwino, chifukwa kamabisala. Munthu akaiwala `c <= a`, ziyankhulo zina za kompyuta zimadandaula pomwepo, koma Python amalola nambala yotsika pansi pa 0 ndipo amawerenga kuchokera kumapeto kwa mndandanda. Pa K16 yankho limatuluka loona, chifukwa mabokosi akumapeto amakhala akadali `INF` pa nthawiyo. Pa K6 pulogalamu imagwa ndi `IndexError`. Koma pa K8, tebulo lili ndi mabokosi 9, ndipo `dp[1 - 10]` ndi `dp[-9]`, lomwe ndi bokosi 0 lenilenilo. Bokosi 1 limalandira 1, ndipo K8 imatuluka 3 m'malo mwa 4, popanda uthenga uliwonse. Choncho kuyesa ndi K16 yokha sikukwanira. Mayeso athu tsopano akuyerekeza tebulo ndi rikeshoni yoyamba ija pa chenji chilichonse kuyambira 0 mpaka K30, tebulo likumangidwa mwatsopano pa chilichonse. Rikeshoni ya Lachiwiri ndi yochedwa koma ndi yosavuta kuikhulupirira, ndiye sitinaifufute.

Kukula kwa ntchito tsopano ndi mabokosi kuchulukitsa ndi mitundu ya ndalama. K500 mu ngwee ndi mabokosi 50,001, ndipo ndi mitundu 12 ndi masitepe pafupifupi 600,000. Koma ndalama zonse za Zambia zimagawika ndi 5 ngwee, kotero mabokosi anayi mwa asanu aliwonse ndi osatheka chikhalire. Tikagawa zonse ndi 5 tisanayambe, mabokosi atsala 10,001 ndipo masitepe pafupifupi 120,000, zimene ngakhale foni yotsika mtengo siingavutike nazo.

Loweruka

Tagwiritsa ntchito tebulo kutsimikiza zimene tinalemba Lolemba, zoti mitundu yonse 12 ikakhalapo njira yadyera siilakwa. Sipafunika kuyesa mpaka kalekale. Dexter Kozen ndi Shmuel Zaks anaonetsa mu 1994 kuti ngati njira yadyera ili ndi polakwa, polakwa poyamba pamakhala pansi pa ndalama ziwiri zazikulu zitaphatikizidwa. Kwa ife ndi K500 ndi K200, choncho kuyesa mpaka K700 n'kokwanira, ndipo njira ziwirizi zagwirizana pa bokosi lililonse.

Fankishoni siisamala kuti ndalama ndi za dziko liti. Ogulitsa a ku Mwami amene amagwiranso kwacha ya Malawi angangoikamo mndandanda wina. Kumeneko mapepala ang'ono kwambiri ndi K20 ndi K50, ndipo popanda makoyini, K60 imagwetsa njira yadyera monga K6 yathu.

Lolemba lotsatira

Tebulo la Lachisanu likuganiza kuti mtundu uliwonse ulipo wosatha. Ngati m'dirowa muli K10 imodzi, K5 imodzi ndi ma K2 awiri, lipitirizabe kunena kuti K16 ndi K10 ndi ma K2 atatu, pamene zoona zake n'zakuti ndi zidutswa zimenezo K14, K15 ndi K17 zitheka koma K16 ayi. Ili ndi gawo lovuta kwambiri pa ntchito yonseyi.

Njira yake ndi kuyala zidutswa chimodzichimodzi, monga `[2, 2, 5, 10]`, n'kulola chilichonse kulowa m'tebulo kamodzi. Malupu asinthana: wa zidutswa ali kunja, wa mabokosi ali mkati, ndipo wa mabokosiyo akuyenda chotsika.

```python
for i, c in enumerate(zidutswa):
    for a in range(n, c - 1, -1):
        if dp[a - c] + 1 < dp[a]:
            dp[a] = dp[a - c] + 1
            tatenga[i][a] = True
```

Chifukwa chotsikira chimaoneka ndi K2 imodzi yokha. Tikayenda chokwera, bokosi 2 lilandira 1, kenako bokosi 4 liyang'ana bokosi 2 limene langodzazidwa kumene n'kulemba 2, bokosi 6 lilemba 3, ndipo koyini imodzi yagwira ntchito katatu. Tikayenda chotsika, bokosi 4 liyang'ana bokosi 2 likadali `INF`, likhala losatheka, ndipo bokosi 2 lokha ndi limene lidzazidwe. Mabokosi a pansi amakhala akusonyezabe m'mene zinalili chidutswachi chisanalowe, zomwe ndi zimene tikufuna.

Chimene chasinthanso ndi `womaliza`. Mzere umodzi uja sukugwiranso ntchito pano, ndipo chitsanzo chake ndi ichi. M'dirowa muli K5, K5 ndi K10, chenji ndi K20. Ma K5 awiri atalowa, bokosi 10 lili ndi 2. K10 ikalowa, bokosi 20 liyang'ana bokosi 10 n'kulemba 3, zomwe ndi zoona, ndipo womaliza wake ndi K10. Koma lupu ikatsika n'kufika pa bokosi 10, K10 yomweyo ilichepetsa kuchoka pa 2 kufika pa 1, n'kulembanso womaliza wake kuti K10. Pobwerera m'mbuyo, tichotsa K10 pa 20, tifika pa 10, tipezanso K10, ndipo pulogalamu iuza wogulitsa kuti atulutse ma K10 awiri pamene ali ndi imodzi. Chizindikiro chake n'chakuti `dp[20]` akunena 3 koma mndandanda uli ndi zidutswa ziwiri.

N'chifukwa chake pali `tatenga`, tebulo la mizere yambiri, mzere umodzi pa chidutswa chilichonse. Pobwerera timayamba ndi chidutswa chomaliza n'kumapita ku choyamba, chilichonse kuchifunsa kamodzi. Pa K20 ija: mzere wa K10 pa bokosi 20 ukuti inde, titsala ndi 10; mzere wa K5 yachiwiri pa bokosi 10 ukuti inde, titsala ndi 5; mzere wa K5 yoyamba pa bokosi 5 ukuti inde, tafika pa 0. K10 siingabwerenso chifukwa mzere wake tadutsa kale. Pomanga `tatenga`, mzere uliwonse upangidwe pawokha ndi `[[False] * (n + 1) for _ in zidutswa]`; kulemba `[[False] * (n + 1)] * len(zidutswa)` kumapereka mzere umodzi womwewo wobwerezedwa, ndipo pobwerera pulogalamu ingathe kutenga zidutswa zolakwika.

Pa mayeso tawonjeza malamulo atatu amene yankho lililonse liyenera kukwaniritsa: zidutswa ziphatikizane kukwana chenji, chiwerengero chake chifanane ndi `dp[n]`, ndipo pasakhale mtundu wotuluka kuposa umene uli m'dirowa.

Mtengo wa njirayi ndi kukula kwa tebulo. Dirowa ya zidutswa 200 pa mabokosi 10,001 ndi mabokosi oposa mamiliyoni awiri. Koma si zonse zofunika kulowa: pa chenji cha K16, K20 ndi zonse zoposa pamenepo zitsala kunja, ndipo ngakhale ma K5 atakhala 30, oposa atatu sangagwire ntchito. Choncho pa mtundu uliwonse tikutenga `min(alipo, n // c)` tisanayale mndandanda. Mabokosinso amathera pa chenji chimene chafunsidwa, osati pa K500 nthawi zonse.

Lachiwiri lotsatira

Zimene zatsala ndi ziwiri. Choyamba, chenji chikakhala chosatheka pulogalamu isamangoti "sizitheka". Tebulo lili kale ndi mayankho a mabokosi oyandikana, ndiye tikalitalikitsa pang'ono, mpaka `n + 5` m'makwacha, ingathe kunena kuti K16 palibe koma K17 ilipo, wogulitsa apemphe kasitomala kuwonjezera K1. Pamenepa malire a `n // c` aja awerengedwe ndi `n` wotalikitsidwayo.

Chachiwiri ndi funso la cholinga chenicheni. Zidutswa zochepa si zimene wogulitsa amafuna nthawi zonse. Amene watsala ndi K5 imodzi ndi mulu wa ma K1 angakonde kutulutsa ma K1 asanu n'kusunga K5, kapena mosemphanitsa ngati ma K1 ndi amene akusowa tsiku limenelo. Mu kodi kusintha kwake n'kochepa: m'malo mwa `+ 1` tiika `+ mtengo[c]`, mtundu wosowa n'kupatsidwa mtengo wokwera, ndipo tebulo lonse ligwira ntchito monga kale. Lamulo lachiwiri la mayeso lidzafunika kusintha, chifukwa `dp[n]` adzakhala mtengo wonse osati chiwerengero cha zidutswa. Chimene sitinagwirizane ndi kawerengedwe ka mtengowo: kaya wogulitsa aziuika yekha m'mawa, kaya uzichokera pa kuchuluka kwa zimene zatsala m'dirowa. Tiyamba ndi njira yachiwiriyi, poika mtengo 3 pa mtundu umene watsala ndi zidutswa zosakwana zisanu ndi mtengo 1 pa ina yonse, kenako tiyerekeze mayankho ake ndi a tebulo lakale pa chenji cha K1 mpaka K50.